Nsapato zachikopa zikanyowa kapena kuchita chuku, musathamangire nazo padzuwa

Nsapato zanga zoyamba zachikopa chenicheni ndinaziwononga m'masiku awiri okha. Ndinali nditazivala ku ukwati kumayambiriro kwa Disembala, tsiku limene kunagwa mvula yamphamvu. Nditafika kunyumba ndinangozipukuta pamwamba, n'kuzikulunga m'jumbo kuti zisagwire fumbi, n'kuzikankhira kunsi kwa bedi. Sukulu zili pafupi kutsegulira mu Januwale ndinamasula jumbo lija, ndipo fungo ndi limene linayamba kundilonjera. Nsapato zakuda zija zinali zitachita mbuu, chuku chotuwa ndi chobiriwira chitayala pamwamba ponse mpaka m'kati. Ndinachita zimene ambiri kuno timachita: ndinazitsuka ndi sopo waufa ndi madzi a pamjigo, n'kuziyanika padenga lamalata la khitchini. Zinauma gwa. Tsiku loyamba kuzivala, pamene nsapato imapindika kumbuyo kwa zala panatseguka ming'alu itatu.

Ndinapita nazo kwa mkulu wina wosoka nsapato pamsika wa Ngabu. Anazitembenuza, n'kudina chikopacho ndi chala chachikulu, n'kupukusa mutu. "Aphunzitsi, chuku sichinaphe nsapato izi ayi. Mwazipha ndi dzuwa. Mukanabwera nazo zili ndi chuku chakecho, lero mukanavala."

Zimene ndilembe panozi zinayambira pa mawu amenewo. Kuno ku chigwa cha Shire nsapato ili ndi adani awiri, chinyezi cha dzinja ndi kuuma kwa chilimwe, ndipo vuto lake n'lakuti mankhwala amene timathamangira pothana ndi mdani woyamba ndi amene amaitana wachiwiri.

Chikopa ndi khungu la nyama, ulusi wambirimbiri wolukanalukana. Pochifufuta kufakitale amalowetsamo mafuta kuti ulusiwo uzitererana nsapato ikamapindika. Madzi akalowa m'chikopa amasuntha mafuta aja, ndipo akamatuluka amachoka nawo ena. Akatuluka pang'onopang'ono, ulusi umabwerera m'malo mwake. Akatuluka mothamangitsidwa ndi kutentha, pamwamba pamauma m'kati mukadali monyowa, ulusi umakhwinyata n'kumatirirana, ndipo mukangoponda umaduka. Amene munayendapo m'minda ya dothi lamakande kuzungulira Ngabu mu Okotobala mukudziwa mmene dothi lija, limene linali phala m'dzinja, limang'alukira mpaka dzanja kumalowa. Chikopa chimachita chimodzimodzi, kungoti makande amatsekanso mvula ikabwera, pamene mng'alu wa pachikopa sutsekanso.

Musanayambe chilichonse, tsimikizani kuti nsapato zanuzo n'zachikopadi, chifukwa zambiri za pakaunjika ndi za m'sitolo ndi pulasitiki yomatidwa pansalu. Yang'anani kuseri kwa lilime kapena m'mphepete mosapindidwa. Chikopa chenicheni chimakhala ndi tiubweya tokhakhala kuseri kwake, pamene chonamizira chimaonetsa nsalu kapena siponji. Chonamizira sichimwa mafuta, ndipo chikayamba kusupuka palibe chochita. Nsapato zachikopa chaubweya, zija sapaka polishi, nazonso zili ndi kasamalidwe kake. Pano ndikunena za nsapato zosalala zopita nazo ku ofesi, ku tchalitchi ndi ku sukulu.

Tiyambe ndi tsiku limene mvula yakupezani panjira, mwina muli pa kabaza kuchokera ku Nchalo, mwafika nsapato zili chuu, matope mpaka m'zingwe. Ntchito iyambe madzulo omwewo, isadikire mawa. Solani zingwe zonse, kokani lilime kuti nsapato iyasame, ndipo ngati kachiponde ka m'kati, kaja kamene phazi limapondapo, kamachoka, katulutseni kaume pakokha. Pansi pa kachiponde kameneka ndi pamene madzi amabisala, ndipo chuku chambiri chimayambira pomwepo.

Matope achotseni akadali ofewa. Tengani kansalu konyowa koma kofinyidwa bwino, muzipukuta mukutsuka kansaluko pafupipafupi. Pamsoko pamene chikopa chimakumana ndi chopondera gwiritsani ntchito mswachi wakale. Musaviike nsapato m'beseni, ndipo sopo waufa asayandikire n'komwe, chifukwa ntchito yake ndi kuchotsa mafuta, ndiye amachotsa ndi a m'chikopa omwe. Ngati matope ali ndi mafuta kapena ndowe, khudzitsani kansalu konyowa pa sopo wosambira wosanunkhira kwambiri kawiri kapena katatu, mupukute ndi thovu lochepalo, kenako mubwereze ndi kansalu ka madzi okhaokha. Pukutani nsapato yonse mofanana, osati pamalo pakuda pokha, kuti ikauma pasatsale mzere wosonyeza pamene madzi analekezera.

Apa pali nkhani ya madzi imene anzathu a kumtunda sangaiganizire. Mijigo yambiri ya m'Chikwawa ndi m'Nsanje imatulutsa madzi amchere. Madzi otere akauma pachikopa amasiya mchere, umene umaoneka ngati mzere woyera wokhotakhota m'mbali mwa nsapato, ndipo umaumitsa chikopa pamalopo. Komanso mchere umakoka chinyezi cha mumpweya, ndiye nsapatoyo siuma bwinobwino. Ngati mjigo wa kwanu ndi wotero, sungani botolo limodzi la madzi a mvula. Kapu imodzi imakwanira kupukutira nsapato ziwiri. Mzere woyera ukakhala kuti waoneka kale, sakanizani supuni imodzi ya viniga woyera ndi masupuni awiri a madzi abwino, mupukute mzerewo kuchokera kunja kulowera m'kati, kenako mupukutenso ndi madzi okha. Mchere wa thukuta umachoka mwa njira yomweyi.

Tsopano kuumitsa, komwe ndi pamtima pa nkhani yonse. Khwinyatani nyuzipepala kapena mapepala a m'makope akale, muwalowetse mpaka kumapeto kwa zala. Musapanikize ngati mukutsendera thonje m'thumba, chifukwa chikopa chonyowa chimatanuka ndipo chimauma ndi maonekedwe amene mwachipatsa. Ingodzazani kuti nsapato iime ngati muli phazi, makwinya a pamwamba aongoke. Pakatha maola awiri kapena atatu tulutsani mapepalawo, mudzawapeza atanyowa, muikemo ena. Sinthaninso musanagone, ndiponso m'mawa. Pepala lonyowa likagona m'nsapato masiku awiri limasanduka chakudya cha chuku, choncho amene akudziwa kuti sakumbukira kusintha ndi bwino asaikemo.

Ikani nsapatozo pamthunzi podutsa mphepo: pakhonde, pafupi ndi zenera lotsegula, kapena pathandala pansi pa mtengo ngati kunja kwacha. Musazikhazike pasimenti kapena padothi, chifukwa pansi pa m'nyumba m'dzinja pamatulutsa chinyontho, ndipo kunsi kwa nsapato sikuuma. Zigonekeni cham'mbali pampando wamatabwa, kapena zitsamizeni kukhoma chidendene chili m'mwamba. Amene muli ndi fani ya magetsi kapena ya sola, iloze komweko, imafupikitsa nthawi kwambiri popanda kuwononga kanthu. Chimene tikufuna ndi mphepo, osati kutentha. Padenga lamalata, pamwala wotentha, pafupi ndi mbaula kapena pamafuwa, ponsepo ayi. Kupatula kung'alula chikopa, kutentha kotero kumafewetsa guluu womatira chopondera, ndiye nsapato imayamba kuyasama kutsogolo.

Mu Febuluwale, kunja kukakhala kwa mitambo, nsapato yonyoweratu imatha masiku awiri kapena atatu kuti iume. Musanyengedwe ndi pamwamba. Pisani dzanja mpaka kuzala, mukhudze m'kati ndi kuseri kwa zala zanu. Mukamva kuzizira, madzi akadalimo. Njira ina ndi kuikamo pepala louma kwa ola limodzi: likatuluka likuchita phokoso polikhwinyata, nsapato yauma, koma likatuluka lofewa, dikirani.

Nanga ngati mwapeza chuku chamera kale, ngati mmene ndinapezera ine? Chaka chathachi mlamu wanga anabwera ndi nsapato zake zofiirira zimene zinakhala m'sutikesi kuyambira Khirisimasi mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Chuku chinali chitadzaza pamwamba, palilime ndi m'mabowo a zingwe. Ankafuna kuzitaya. Ndikufotokozerani mmene tinachitira, chifukwa mpaka pano akuzivala.

Tinatuluka nazo panja, chifukwa chuku chimauluka ngati ufa, ndipo mukachisasira m'chipinda chimakagwera pa zovala ndi nsapato zina. Munthu wa mphumu kapena chifuwa asagwire ntchito imeneyi, ndipo woigwirayo amange kansalu kumphuno, aime kumene mphepo ikuchokera. Tinayamba ndi bulashi youma, osati madzi. Mukayamba ndi madzi chuku chimasanduka phala n'kulowa m'timabowo ta chikopa. Titasasa chonse chooneka, zingwe tinazichapa pazokha ndi sopo, n'kuziyanika padzuwa, popeza izo ndi nsalu.

Kenako tinasakaniza viniga woyera ndi madzi a mvula muyezo wofanana, masupuni anayi uyu, masupuni anayi awa. Popanda viniga, spiriti wogula ku famase wosakaniza ndi madzi mofanana amagwiranso ntchito, koma iye amaumitsa chikopa kwambiri ndipo amatha kusukulutsa mtundu, makamaka pa nsapato zofiirira. Chilichonse chimene mwasankha, yambani mwayesa pamalo obisika, monga m'mbali mwa lilime, mudikire mphindi khumi muone ngati mtundu ukutsalira pakansalu. Polishi wakale kuchoka si vuto, koma chikopa chenichenicho chikayamba kutuwa, onjezani madzi. Jiki musamuyese ngakhale pang'ono, amadya chikopa.

Tinaviika kansalu, n'kukafinya mpaka kasamadonthe, n'kupukuta kunja konse. M'kati ndi mmene tinakhalitsa. Tinakulunga kansaluko kukamtengo kuti kafike kuzala, tinapukuta kuseri kwa lilime ndi pansi pa kachiponde, ndipo m'misoko ndi m'mabowo a zingwe tinadutsamo ndi mswachi woviika m'madzi a viniga omwewo. Anthu ambiri amapukuta kunja kokha, nsapato n'kuwala, pakatha sabata chuku n'kubwerera, n'kumati viniga sagwira ntchito. Chimakhala kuti chatulukira m'kati momwe sanafikemo.

Tinaziumitsa pamthunzi tsiku lathunthu. M'mawa mwake tinapeza timadontho tochepa toyera pamsoko wa kuchidendene, tinabwerezanso pamenepo, n'kudikira tsiku lina. Fungo la viniga linatha lokha. Za dzuwa ndinene chilungamo: dzuwa limathandizadi kupha chuku, ndipo nsapato imene yauma kale mukhoza kuiika padzuwa la m'mawa kwa mphindi 20 kapena 30, isanakwane 8 koloko, kukamwa kwake kutaloza kudzuwa. Chimene chimapha nsapato ndi kuiyanika ili yonyowa n'kuisiya tsiku lonse. Sutikesi ija nayo tinaipukuta ndi viniga n'kuiyanika yotsegula, chifukwa kubwezera nsapato yoyera m'malo achuku n'kungotaya nthawi.

Nsapato ikauma pambuyo pa zonsezi imakhala yotuwa ndi youmirira. Musaivale ili choncho. Apa ndi pamene ming'alu imabadwira, chifukwa mafuta achepa ndipo inu mukuipinda kambirimbiri poyenda. Iyenera kudyetsedwa kaye. Ndipo apa ndikufuna tisiyanitse zinthu ziwiri zimene timaziphatikiza. Polishi wa m'kachitini, uja tonse timangomutcha kiwi, mbali yake yaikulu ndi phula ndi utoto. Amawalitsa ndi kutchinga madzi pamwamba, koma salowa kwenikweni kukafewetsa ulusi wa m'kati. Chodyetsera chikopa ndi kirimu wa nsapato kapena dabini, amene amapezeka m'masitolo ogulitsa nsapato ndi kwa osoka nsapato ena. Kirimu ndiye woyenera nsapato za ku ofesi. Dabini ndi wolemera, amayenera majombo ogwirira ntchito, ndipo amadetsa mtundu komanso amachepetsa kuwala.

Muyezo wake ndi wochepa kuposa mmene mukuganizira. Kirimu wofanana ndi njere ya nyemba amakwanira nsapato imodzi. Mupakeni ndi kansalu kokulunga kuchala, mozungulirazungulira, mukhalitse pamakwinya a pamwamba pa zala ndi m'mbali mmene nsapato imapindika. Isiyeni usiku wonse. M'mawa pukutani ndi kansalu kouma chilichonse chimene sichinalowe. Ngati chikopa chamwa zonse ndipo chikuonekabe chaludzu, bwerezani kamodzi. Mukadina ndi chala n'kuona kuti makwinya akubwerera osasiya timizere toyera, chakhuta.

Kuchulukitsa mafuta kuli ndi mtengo wake kuno kwathu. Mafuta otsalira pamwamba ndi chakudya cha chuku m'dzinja, ndipo m'chilimwe ndi ulimbo wogwira fumbi. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi kupaka mafuta ophikira kapena majarini, monga ndimaonera ana a sukulu ena akuchita. Tsiku loyamba nsapato imawala, koma mafutawo amavunda ndi kutentha, amanunkha, amaitana nyerere ndi mphemvu. Vaselini savunda, koma amangokhala pamwamba n'kumanata, polishi osagwiranso bwino. Ngati kirimu wasowa ndipo chikopa chauma kwambiri, madontho atatu kapena anayi a mafuta a nsatsi oyera pakansalu amafewetsa nsapato yakuda, bola mupukute bwino otsala. Pa nsapato yofiirira amadetsa mtundu.

Polishi abwere pomalizira, wopyapyala. Pakani, dikirani mphindi khumi, kwechani ndi bulashi. Ngati mumakonda kuwalitsa ngati galasi, unjikani polishi kunsonga ndi kuchidendene kokha, kumene sikupindika. Pamakwinya phula lochuluka limauma n'kusweka, ndipo zimaoneka ngati chikopa chang'aluka pamene ndi polishi chabe. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: pukutani pamalopo ndi kansalu ka spiriti pang'ono. Mng'alu ukachoka pamodzi ndi polishi, chikopa chili bwino. Ukatsala, ndipo chikhadabo chikukodwamo, ndi weniweni.

Kusunga ndi kumene ndinalakwitsa poyamba paja. Chuku chimafuna chinyezi, kufunda, mpweya wosayenda ndi chakudya monga thukuta ndi litsiro. Chinyezi cha mumpweya chikamakhala pamwamba pa 70 peresenti masiku otsatizana, monga zimakhalira m'dzinja makamaka m'midzi yoyandikana ndi Shire ndi madambo ake, chuku chimamera ngakhale pa nsapato imene sinanyowe ndi mvula. Kufunda sitingakuchotse, koma mpweya tikhoza kuuyendetsa. Jumbo, sutikesi, katoni yotseka ndi kunsi kwa bedi, monsemo mpweya suyenda. Khomani kathabwa kukhoma, kotalika kufika m'chiuno, kutali ndi ngodya imene imachita chinyontho, nsapato zizikhala pamenepo. Ngati mukuopa fumbi, zifunditseni kachidutswa ka chitenje chakale, nsalu imapuma. Timapaketi ta timibulu toyera timene timabwera m'makatoni a nsapato ndi a zipangizo zamagetsi musamatitaye, timayamwa chinyezi, koma tisungidwe kutali ndi ana. Makala ouma omanga m'sokosi yakale amathandizako pang'ono, makamaka pa fungo, koma salowa m'malo mwa mphepo. Nsapato zimene mumavala mwa apo ndi apo muzizitulutsa Loweruka lililonse kuyambira Disembala mpaka Epulo, muzidutsitse bulashi, muzinunkhize m'kati. Fungo limayamba chuku chisanaoneke.

Chilimwe chikafika nkhani imatembenuka. Mu Okotobala ndi Novembala kutentha ku Ngabu, Bangula ndi Nsanje kumadutsa madigiri 40, fumbi lili paliponse. Fumbi limaoneka lofewa koma ndi timchenga. Likakhala m'makwinya limapala chikopa pa phazi lililonse limene mwaponda, komanso limayamwa mafuta. Choopsa kwambiri ndi chizolowezi chopaka polishi m'mawa pamwamba pa fumbi la dzulo, chifukwa mukumatira mchenga pachikopa, ndipo pakatha miyezi pamapangika chikhokho cholimba chimene chimasweka pamodzi ndi chikopa. Mukhale ndi mabulashi awiri, ina ya fumbi, ina ya polishi, ndipo zisasinthane. Madzulo aliwonse mukavula, sasani fumbi ndi youmayo, mutapinda nsapato pang'ono kuti makwinya atseguke. Mphindi imodzi yakwana. Polishi kawiri pa sabata n'ngokwanira, kirimu kamodzi pa milungu itatu kapena inayi m'miyezi yotenthayi, pamene m'dzinja muchepetse, muzipaka pokhapokha nsapato ikanyowa n'kuuma.

Ngakhale m'chilimwe m'kati mwa nsapato mumanyowa ndi thukuta, ndipo thukuta lili ndi mchere. Nsapato yovala tsiku lonse imafuna tsiku lina lathunthu kuti iume. Amene ali ndi mapeya awiri azisinthanitsa. Ndikudziwa kuti ambirife tili ndi peya imodzi yokha, ndiye chitani izi: valani sokosi za thonje zochapa tsiku lililonse, mukafika panyumba vulani nthawi yomweyo, masulani zingwe, tulutsani kachiponde, muike nsapato podutsa mphepo mpaka m'mawa. Oyenda pa kabaza kapena wapansi mtunda wautali, kuvala patapata panjira n'kunyamula nsapato m'kathumba kansalu kumaziwonjezera moyo kuposa polishi aliyense.

Pali pamene njira zonsezi zimalekezera. Chuku chimene chakhala miyezi yambiri chimasiya madontho akuda olowerera m'chikopa. Chikafa sichifalikiranso, koma madonthowo sachoka, mungowabisa ndi polishi wakuda. Nsapato zimene zinamira m'madzi osefukira, ngati amene tinaona mu Januwale 2015 kapena nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, n'zosiyana ndi zonyowa ndi mvula, chifukwa madziwo amakhala atadutsa m'zimbudzi ndi m'makola. Zimenezi zokha ndi zimene ndingati muzitsukuluze ndi madzi oyera ambiri m'kati ndi kunja, muchotse kachiponde n'kukataya, mupukute ndi spiriti wosakaniza uja, kenako muumitse ndi kudyetsa monga tafotokozera. Zikamanunkhabe zitauma, kapena kunsi kwa m'kati kukakhala kwa katoni imene yafufuma, zisiyeni.

Mng'alu weniweni sungapole. Kirimu amangoufewetsa m'mphepete kuti usakule msanga. Ukabooleza, wosoka nsapato amamata kachikopa kopyapyala cham'kati n'kusoka, ndipo nsapato imayendabe ngakhale chipsera chikuoneka. Zanga zija mkulu wa ku Ngabu anazikonza choncho, ndinazivala chaka china popita kumunda ndi kumsika. Pondibwezera analoza msoko wa m'mbali ndi chisongole chake n'kunena kuti ulusi umawola msanga kuposa chikopa, choncho ndikamapaka kirimu kapena polishi ndizidutsitsanso mswachi pamsokowo, ndipo ndikangoona ulusi umodzi wadukapo ndibwere nazo mvula isanayambe.